Kupereka magazi kusukulu ya sekondale: kuyeza kumene kumachitika, ndi kumene thumba la magazi limapita

Galimoto ya bungwe lotolera magazi la Malawi Blood Transfusion Service, lomwe ambiri amangoti MBTS, ikafika pasukulu ya sekondale, ophunzira amasonkhanitsidwa mu holo kapena pansi pa mtengo ndipo mmodzi mwa ogwira ntchito amayankhula kwa mphindi zochepa. Uthenga wake umakhala wotere: amene mwakwanitsa zaka 16 ndipo muli bwino m'thupi mutha kupereka magazi, tikufunsani mafunso, tikuyezani, kenako titenga magazi osakwana theka la lita, magaziwo akayezedwa ku labotale asanaperekedwe kwa wodwala, palibe wokakamizidwa.

Mawuwa ndi oona, koma ndi afupi, ndipo zimene zatsala ophunzira amadzazitsa okha ndi zomwe anamva kumudzi kapena ku hositelo. Wina amaganiza kuti atuluka m'holomo akudziwa ngati ali ndi kachilombo ka HIV. Wina amaopa kuti magazi ake amuthera. Makolo ena amafunsa ngati magaziwo sagulitsidwa, ndipo m'dziko limene mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu m'maboma monga Mulanje ndi Phalombe mu 2017, funso lililonse lokhudza magazi silofunika kulipeputsa. Nkhaniyi ikutsatira thumba limodzi la magazi kuchokera pamkono wa wophunzira mpaka pabedi la wodwala.

Chifukwa chake amabwera kusukulu

Pali njira ziwiri zimene chipatala chimapezera magazi. Yakale ndi yoti wodwala akafuna magazi, abale ake amauzidwa kuti apeze munthu wopereka, magaziwo n'kuyezedwa pachipatala pomwepo. Njira inayo ndi yoti anthu athanzi azipereka mwa kufuna kwawo, osalipidwa, osadziwa amene adzalandire, ndipo magaziwo aziyezedwa pamalo amodzi okhala ndi makina ndi akatswiri. MBTS inakhazikitsidwa mu 2003 mothandizidwa ndi bungwe la mayiko a ku Ulaya kuti iyendetse njira yachiwiriyi, ndipo ili ndi malikulu ake ku Blantyre komanso nthambi ku Lilongwe, Mzuzu ndi Balaka. Njira yodalira abale sinatheretu, zipatala zimaigwiritsabe ntchito magazi a MBTS akachepa.

Kusiyana kwa njira ziwirizi kuli pa kunena zoona. Mlongo wa mayi amene akutaya magazi pobereka, atazunguliridwa ndi abale, sangavomere mosavuta kuti ali ndi chifukwa chomuletsa kupereka. Wopereka mwa kufuna kwake alibe chomupanikiza chotere. Kusukulu kumapezeka achinyamata ambiri pamalo amodzi, ndipo matenda oyenda m'magazi amapezeka mochepa pa msinkhu wawo kuyerekeza ndi akuluakulu. N'chifukwa chake gawo lalikulu la magazi otoleredwa m'Malawi limachokera kwa ophunzira. Maganizo osunga achinyamatawa kuti asaleke kupereka akamaliza sukulu anayambira ku Zimbabwe, kumene anayambitsa gulu la achinyamata olonjeza kupereka magazi ka 25 m'moyo wawo. Magulu otere, odziwika ndi dzina loti Club 25, anafalikira mayiko ambiri kuphatikizapo Malawi.

Kuyeza koyamba: kuteteza wopereka

Mawu oti kuyeza amasokoneza chifukwa amatchula zinthu ziwiri zosiyana. Kuyeza kumene kumachitika pasukulu, singano yaikulu isanalowe, cholinga chake chachikulu n'kuona ngati wophunzirayo angapereke popanda kuvulala. Kuyeza matenda m'magaziwo kumachitika pambuyo pake ku labotale.

Sikelo ndi yoyamba. Tiyerekeze mtsikana wa Fomu 3 wolemera makilogalamu 50. Thupi la munthu limakhala ndi magazi pafupifupi mamililita 70 pa kilogalamu iliyonse, choncho iye ali ndi malita pafupifupi 3.5. Thumba lodzadza limatenga mamililita 450, omwe ndi pafupifupi magawo 13 pa 100 aliwonse a magazi ake. Apa ndi pamene pali malire amene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti asapyoledwe pa kupereka kumodzi. Mnzake wolemera makilogalamu 40 ali ndi malita pafupifupi 2.8 okha, ndipo thumba lomwelo likanamutengera magawo 16 pa 100. Akabwezedwa pasikelo, chifukwa chake ndi masamu amenewa basi, osati kuti amupeza ndi matenda.

Kenako amabaya chala n'kutenga dontho la magazi kuti aone himogulobini, chinthu chofiira chimene chimanyamula mpweya wabwino m'magazi. Munthu akati magazi andichepa, kwenikweni chimene chachepa ndi ichi. Njira yodziwika kwambiri m'malo otolerera magazi ndi yogwetsera dontholo m'madzi a buluu a kopa safeti. Magazi okhala ndi himogulobini yokwanira, pafupifupi magalamu 12.5 pa desilita, amalemera ndipo dontho limamira m'masekondi ochepa. Likayandama kapena kuima pakati, munthuyo amauzidwa kuti lero ayi. Malo ena amagwiritsa ntchito kamakina kamene kamaonetsa nambala. Atsikana ndi amene amabwezedwa kawirikawiri apa chifukwa msambo umawachotsera mwezi ndi mwezi ayironi, mchere umene thupi limapangira himogulobini. Amayezanso kuthamanga kwa magazi ndi kugunda kwa mtima, ndipo amafunsa ngati mwadya.

Kupereka kwenikweniko kumatenga mphindi pafupifupi 10. Singano imabwera yolumikizidwa kale ku thumba lake, yotsekedwa bwino kufakitale, ndipo imagwira ntchito kamodzi kokha, choncho wopereka sangatengere matenda pamenepo. Vuto limene limachitikadi ndi chizungulire kapena kukomoka, makamaka kwa achinyamata opereka koyamba amene sanadye kapena ali ndi mantha. Zizindikiro zake ndi thukuta lozizira, nseru ndi mdima m'maso. Ukazimva, uuze namwino nthawi yomweyo, akugoneka n'kukweza miyendo ndipo zimatha. Chakumwa chimene amapereka pamapeto si malipiro, n'chothandiza kubwezeretsa madzi, ndipo tsiku limenelo si losewera mpira.

Kodi thupi limabwezeretsa liti? Madzi a m'magazi amabwerera m'tsiku limodzi kapena awiri. Maselo ofiira amatenga masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Ayironi ndiye amachedwa: thumba limodzi limachoka ndi mamiligalamu 200 mpaka 250, ndipo thupi limatola pang'onopang'ono kuchokera m'zakudya monga nyemba, usipa, nyama ndi masamba obiriwira. Ndiye chifukwa chake amuna amauzidwa kudikira miyezi itatu ndipo akazi miyezi inayi asanaperekenso.

Mafunso a pafomu ndi nthawi imene kachilombo sikaoneka

Gawo limene ophunzira amalithamangira, kapena kukoperana mayankho ngati mayeso, ndi limene limateteza wodwala kwambiri. Fomu imafunsa za matenda aposachedwa, mankhwala amene mukumwa, chikasu, mimba, kutemedwa mphini kapena kubooledwa khungu ndi zida zogawana, ndiponso za kugonana. Wophunzira wanzeru amafunsa kuti: ngati magazi onse akayezedwa ku labotale, mafunsowa ndi a chiyani?

Yankho lake ndi lakuti palibe makina amene amaona kachilombo tsiku limene kalowa m'thupi. Munthu amene wadzala chimanga dzulo, munda wake umaoneka wopanda kanthu kwa wodutsa panjira, koma mbewu ili m'nthakamo, ndipo mwini munda yekha ndi amene akudziwa. Pakati pa tsiku lotenga kachilombo ndi tsiku limene labotale ingakazindikire pamadutsa nthawi, ndipo m'masiku amenewo magaziwo atha kupatsira wodwala ngakhale zotsatira zikunena kuti mulibe kanthu.

Kutalika kwa nthawiyi kumatengera kachilombo ndi njira yoyezera. Kuyeza HIV m'magazi operekedwa kunayamba mu 1985, ndipo njira zoyambirira zinkafufuza asilikali amene thupi limapanga polimbana ndi kachilomboko, omwe amachedwa kuoneka. Njira zatsopano zimafufuza asilikaliwo pamodzi ndi kachidutswa ka kachilombo komweko, ndipo zimatha kuzindikira HIV patadutsa masabata awiri kapena atatu, nthawi zina kuposerapo. Kwa matenda a chiwindi a hepataitisi B nthawiyi imapitirira mwezi umodzi, ndipo kwa hepataitisi C, imene inazindikirika mu 1989, asilikali ake amatha kutenga miyezi iwiri. Palinso njira yofufuza chibadwa cha kachilombo mwachindunji, imene imafupikitsa nthawi ya HIV kufika masiku pafupifupi 10. Dziko la South Africa linayamba kuyeza thumba lililonse mwa njira imeneyi mu 2005. Njirayi ndi yodula, ndipo ngakhale iyo siitseka mpatawo kotheratu.

Tengani mnyamata wa Fomu 4 amene anagonana mosadziteteza masiku 8 apitawo ndi munthu amene sakudziwa za thanzi lake. Akumva bwino, sikelo yamulola, dontho lamira. Ngati anatenga kachilombo, makina onse amene tatchulawa atha kulephera kukaona, ndipo thumba lake lingalembedwe kuti ndi labwino. Chotchinga chokhacho ndi yankho lake pafomu. Akanena zoona, namwino amamuuza kuti adikire miyezi ingapo, ndipo zokambirana zawo ndi zachinsinsi. Anzake sangadziwe chifukwa chake, pakuti anthu amabwezedwa pa zifukwa zambirimbiri, kuyambira chimfine mpaka sikelo. Amene wapereka kale kenako n'kukumbukira chinthu chimene anabisa angathe kuuza ogwira ntchitowo kuti thumba lake lichotsedwe.

Pachifukwa chomwechi, kupereka magazi kuti udziwe ngati uli ndi HIV n'koopsa kwa wodwala. Munthu amafuna kuyezetsa makamaka pamene wangochita chinthu chomudetsa nkhawa, ndipo imeneyo ndiyo nthawi imene makina saona. Wofuna kudziwa za thupi lake apite kumalo oyezetsera magazi kuchipatala, kumene zotsatira zimatuluka tsiku lomwelo pamodzi ndi uphungu. M'maganizo anga, wolankhula pasukulu akapatsidwa mphindi zisanu zokha, ziwiri azithere pamfundo imeneyi.

Ku labotale

Pamene thumba likudzadza, namwino amatenganso magazi pang'ono m'timachubu. Thumba, timachubu ndi fomu zimamatidwa nambala imodzi, ndipo kuyambira apo ogwira ntchito ku labotale amaona nambala, osati dzina. Matumbawo amanyamulidwa m'mabokosi osunga kuzizira, ndipo akafika amaikidwa padera, osaloledwa kutuluka mpaka zotsatira zitadziwika.

Timachubu timayezedwa matenda anayi amene WHO imalangiza kuti magazi onse operekedwa ayezedwe: HIV, hepataitisi B, hepataitisi C ndi chindoko. M'dziko la malungo ngati Malawi tizilombo ta malungo timayang'anidwanso. Thumba limene laonetsa chizindikiro cha amodzi mwa matenda anayi aja silipita kwa wodwala, limawonongedwa. Apa pali chinthu chofunika kuchimvetsa: makinawa anapangidwa kuti azikayikira msanga, chifukwa kutaya thumba labwino n'kopepuka kusiyana ndi kulola thumba loipa. Choncho nthawi zina amaloza magazi a munthu amene alibe matenda. Chizindikiro cha ku labotale yotolera magazi si chigamulo chomaliza, mwini wake amafunika kupatsidwa uphungu payekha ndi kuyezedwanso.

Kuyeza kwina ndi kwa gulu la magazi. Mu 1901 dokotala wa ku Vienna, Karl Landsteiner, anaonetsa kuti magazi a anthu ena akasakanizidwa amaundana, ndipo kuchokera pa ntchito yake tinadziwa magulu a A, B, AB ndi O. Mu 1940 kunadziwikanso chizindikiro cha Rh, chimene chimachititsa kuti munthu azitchedwa pozitivu kapena negetivu. Mawu awiriwa pakhadi la wopereka magazi sakhudzana ndi HIV m'pang'ono pomwe, ngakhale ophunzira ambiri amadzidzimuka akawaona koyamba. Munthu wa gulu O akapatsidwa maselo ofiira a gulu A, thupi lake limawaswa nthawi yomweyo, impso zitha kuleka kugwira ntchito ndipo atha kufa. Maselo ofiira a O negetivu ndi amene angaperekedwe pangozi gulu la wodwala lisanadziwike, koma kuno ku Africa anthu a Rh negetivu ndi ochepa kwambiri, motero magazi awo amasowa kawirikawiri.

Thumba limodzi, zigawo zingapo

Magazi akatuluka m'thupi amaundana m'mphindi zochepa. Mu 1914 asayansi anapeza kuti mankhwala a sitireti amaletsa kuundanako, ndipo kuyambira pamenepo magazi anayamba kusungika. Thumba la masiku ano limabwera ndi madzi pang'ono okhala ndi sitireti ndi shuga wodyetsa maselo.

Magazi atha kusungidwa athunthu, kapena kuzunguzidwa pamakina mwaliwiro kuti apatukane. Maselo ofiira, pokhala olemera, amatsikira pansi. Pamwamba pamatsala madzi achikasu otchedwa pulazima, ndipo mapulatileti, timaselo tothandiza magazi kuundana pabala, amatha kupatulidwanso. Chigawo chilichonse chili ndi moyo wake. Magazi athunthu amakhala masiku 35 mufiliji ya madigiri 2 mpaka 6, ndipo maselo ofiira othiridwa madzi apadera owasunga amafika masiku 42. Pulazima imaumitsidwa m'maola ochepa chitengereni magaziwo ndipo imatha kukhala chaka kapena kuposerapo. Mapulatileti salowa mufiliji, amasungidwa pa madigiri 20 mpaka 24 akugwedezedwa mosalekeza, ndipo amatha ntchito pa masiku asanu okha.

Tibwerere ku thumba la mtsikana wa makilogalamu 50 uja, ndipo tinene kuti ndi wa gulu O pozitivu. Chipatala cha boma chalandira mwana wolemera makilogalamu 10 amene malungo amuswera maselo ofiira mpaka himogulobini yatsika pansi pa 4, zikhato zayera ndipo akupuma mobanika. Muyezo umene umatsatidwa ndi mamililita 10 a maselo ofiira pa kilogalamu iliyonse, kapena 20 ngati ndi magazi athunthu. Mwanayu akufunika mamililita 100 a maselo ofiira, pamene thumba limodzi limatulutsa oposa 200. Likagawidwa m'timatumba ta ana, mtsikana mmodziyo wakwanira ana awiri, ndipo pulazima yake ingathandize mayi amene magazi akukana kuundana atabereka. Mawu oti thumba limodzi limathandiza anthu angapo amachokera apa, koma ndi oona pokhapokha magaziwo atagawidwadi. Mayi wotaya magazi kwambiri yekha atha kufuna matumba angapo usiku umodzi.

Asanaike magaziwo, labotale ya chipatala imasakaniza dontho la m'thumba ndi madzi a m'magazi a wodwala kuti ione ngati akugwirizana. Thumba likatuluka mufiliji liyenera kuyamba kuikidwa pasanathe mphindi 30 ndi kutha pasanathe maola anayi, chifukwa magazi ofunda amamera mabakiteriya. Namwino amayang'anitsitsa wodwala m'mphindi 15 zoyamba, ndipo akaona kutentha thupi, kunjenjemera, kupweteka msana kapena mkodzo wofiira amatseka msanga. Magetsi akazima nthawi yaitali filiji n'kutentha, matumba amene ali m'menemo amatayidwa ngakhale anayezedwa bwino.

Pa nkhani ya kugulitsa: wopereka salipidwa, ndipo m'zipatala za boma wodwala sayenera kugula magazi. Koma thumba, mankhwala oyezera, mafuta a galimoto ndi magetsi a filiji zimadya ndalama, ndipo m'zipatala zolipiritsa mtengo wa ntchito imeneyi umatha kuoneka pabilu. Wina akapempha ndalama mwamseri kuti apereke thumba la magazi kwa wodwala, chimenecho ndi chinyengo choyenera kukanenedwa kwa akuluakulu a chipatala.

Mafunso amene akadali poyera

Loyamba ndi la holide. Popeza maselo ofiira sapitirira masabata asanu ndi limodzi, magazi otoleredwa teremu ili mkati sangasungidwe kudikira miyezi ya mtsogolo. Sukulu zikatseka mu Disembala matumba amachepa, pamene dzinja ndi nyengo imene malungo amachuluka ndipo ana ambiri amafuna magazi. MBTS imayesa kutseka mpatawu popita m'misika, m'mipingo ndi m'malo a ntchito. Ena amati dziko lisadalire kwambiri ana asukulu ndipo akuluakulu anyamule katunduyu. Ena amayankha kuti magazi a achinyamata ndi amene amatayidwa mochepa ku labotale, choncho ndalama zochepa zimene zilipo zimapindula kwambiri kusukulu.

Lachiwiri ndi la msinkhu. Wophunzira wa zaka 16 kapena 17 akadali mwana m'maso mwa makolo ake, ndipo mayiko amasiyana pa zaka zoyambira kupereka komanso pa kufunika kwa chilolezo cha makolo. Kodi wophunzira amene kalasi yonse yaima pamzere, aphunzitsi akuyang'ana, ali ndi ufulu weniweni wokana? Nanga zotsatira zikafuna uphungu, auzidwe yekha kapena pamodzi ndi kholo?

Lachitatu ndi la ayironi. Dontho lomira limasonyeza kuti himogulobini ya lero ndi yokwanira, koma silionetsa ayironi amene thupi lasunga. Mtsikana amene akukula, akusamba, ndipo chakudya chake ku boding'i ndi nsima ya nyemba masiku ambiri, atha kudutsa muyezowo kangapo nkhokwe yake ikutha. Mayiko ena ayamba kuyeza nkhokweyo, kupereka mapiritsi a ayironi kapena kutalikitsa nthawi yodikira kwa achinyamata. Chilichonse mwa izi chili ndi mtengo wake, wa ndalama kapena wa matumba.

Lomaliza ndi la malungo ndi makina odula aja. M'dera limene anthu ambiri athanzi amayenda ndi tizilombo ta malungo osadwala, kutaya thumba lililonse lokhala nato kungachepetse magazi m'nyengo imene akufunika kwambiri, pamene kulipereka kumafuna kuti wolandirayo, amene ndi wofooka kale, apatsidwe mankhwala a malungo. Chimodzimodzinso ndi njira yofufuza chibadwa cha kachilombo: ndalama zoyezera thumba lililonse mwa njira imeneyi zingathenso kugwira ntchito yotolera matumba ambiri. Akatswiri a zaumoyo akukambiranabe kuti n'chiti chimene chingapulumutse odwala ochuluka m'dziko limene magazi ake sakwanira kale.